Ana awiri, mpweya 44: chifukwa chake amokisilini sapatsidwa kwa aliyense wotsokomola

Juni ndi Julaye akafika ku Dedza, chifunga chitakuta phiri, pakiliniki ya m'mudzi pamadzaza ana otsokomola ndi otuluka mamina. Mayi aliyense wayenda mtunda, ndipo ambiri abwera atadziwa kale chimene akufuna: "Adokotala, mungotipatsako amokisilini uja." Wina amanena kuti bakitirimu sakumuthandizanso chifukwa thupi lake linamuzolowera. Mawu amenewa amveka m'midzi kwa zaka zambiri moti ngakhale ophunzira zaumoyo ena amawabwereza osawaganizira, koma ndi olakwika. Thupi la munthu silizolowera antibayotiki. Chimene chimasintha ndi tizilombo, ndipo tizilombo sitikhala mwa munthu mmodzi. N'chifukwa chake piritsi loperekedwa mosayenera kwa mwana wa ku Lobi likhoza kuvulaza khanda la ku Mayani limene silinalaweko mankhwala chibadwire.

## Antibayotiki ndi chiyani, ndipo sagwira chiyani

Antibayotiki ndi mankhwala opha kapena kuletsa kuswana kwa mabakiteriya, tizilombo tamoyo ta selo imodzi. Amokisilini, penisilini, bakitirimu, dokisi ndi sipuro onse ali m'gulu limeneli. Aliyense amalunjika pa chiwalo chinachake cha bakiteriya. Mwachitsanzo, amokisilini amalepheretsa bakiteriya kumanga khoma lomuzinga, ndiye amaphulika. Vairasi alibe khoma limenelo. Chimfine, chifuwa chambiri cha nyengo yozizira ndi kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha mwa ana kawirikawiri zimabwera ndi mavairasi, kotero amokisilini akalowa m'thupi sapezamo chomenya. Malungo nawonso ndi kachilombo ka mtundu wina kamene kamafuna LA, osati antibayotiki.

Mwana wachimfine amachira yekha pakapita sabata imodzi kapena pang'ono kupitirira. Akamwa amokisilini tsiku lachitatu n'kuchira tsiku lachisanu ndi chiwiri, ulemu umapita kwa piritsi. Apa ndi pamene chikhulupiriro cha makapisozi chimamera, ndipo n'chovuta kuchizula chifukwa mayiyo waona ndi maso ake.

## Zimene zimachitika m'matumbo

Tikamati kusamva mankhwala, anthu ambiri amaganiza za kachilombo kamene kakudwalitsa munthuyo. Koma mbali yaikulu ya nkhaniyi imachitikira kwina. M'matumbo, m'mphuno ndi pakhungu pa munthu wathanzi mumakhala mabakiteriya ochuluka zedi, ambiri osavulaza, ena othandiza. Piritsi silisankha. Likamwedwa chifukwa cha chifuwa limafikanso m'matumbo n'kupha mabakiteriya onse amene amamva mankhwalawo.

Pakati pa mamiliyoniwo pamakhala ochepa amene ali ndi chida chodzitetezera. Ena amapanga timadzi tophwanya mankhwala asanagwire ntchito, ena amawapopera kunja, ena anasintha chiwalo chimene mankhwalawo amalunjikapo. Masiku onse ochepawa amapanikizika chifukwa malo ndi chakudya akulimbirana ndi anzawo. Antibayotiki akasesa anzawowo, iwo amatsala okha m'munda wolimidwa kale. Mlimi wa mbatatesi ku Bembeke amadziwa zimene zimachitika ukapalira udzu wonse n'kusiya dawe: pakapita milungu iwiri munda wonse ndi dawe. Bakiteriya wa E. coli zinthu zikamuyendera bwino amagawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse, ndiye mmodzi yekha akhoza kupitirira 2 miliyoni m'maola 7.

Pali chinthu china chimene chimapangitsa mabakiteriya kuvuta kuposa udzu. Malangizo opangira chida chodzitetezera chija nthawi zambiri amakhala pa kachidutswa ka majini kotchedwa pulasimidi, ndipo bakiteriya akhoza kupatsira kachidutswaka kwa mnzake, ngakhale wa mtundu wina. Pulasimidi imodzi imatha kunyamula malangizo okana mankhwala atatu kapena anayi. Zotsatira zake n'zakuti munthu akamwa bakitirimu mwachisawawa, amene amapulumuka akhoza kukhala osamvanso amokisilini ndi ena, ngakhale sanawamwe.

Munthuyo samva kanthu. Sadwala, ndipo palibe chizindikiro. Amangonyamula mabakiteriyawo kwa milungu kapena miyezi, n'kumawatulutsa m'chimbudzi. Kuchoka apo njira yake ndi imene inu ophunzira zaumoyo mumaphunzira kale pa kolera ndi taifodi: manja osasamba, thewera lochapidwa pafupi ndi chitsime, ntchentche, mbale ya ndiwo imene banja lonse likupisamo, madzi a mvula otsuka thengo n'kutsikira kudimba. Tsiku lina bakiteriya yemweyo amalowa m'chikhodzodzo cha mayi woyembekezera, m'bala la opaleshoni kapena m'magazi a khanda, ndipo ndi pamene zimadziwika kuti mankhwala a masiku onse sakugwira.

## Zimene zinaoneka ku Blantyre

Izi si zongoganizira. Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini mu 1928, anachenjeza kale mu 1945 kuti kumwa mlingo wosakwanira kudzaphunzitsa tizilombo kupirira. Kuno kwathu umboni wautali kwambiri uli ku chipatala cha Queen Elizabeth, kumene magazi a odwala otentha thupi kwambiri akhala akupimidwa m'labotale kuyambira 1998 mothandizana ndi bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome.

Taifodi ndi chitsanzo chomveka. Mpaka 2010 labotaleyo inkapeza odwala taifodi ochepa pachaka, ndipo osamva mankhwala atatu akale, amokisilini, bakitirimu ndi kolamfenikolo, anali pafupifupi 7 pa 100 alionse. Pofika 2014 anali 97 pa 100, ndipo odwala anali atakwera kufika mazana angapo pachaka. Mtundu umodzi wosamva mankhwala unalowa mumzinda n'kulanda malo m'zaka zinayi zokha. Wodwala taifodi wa 2014 sanalakwe chilichonse kuposa wa 2009. Anangopeza tizilombo titasintha.

Chachiwiri ndi sefitiriyakisoni, jakisoni amene zipatala za maboma, kuphatikizapo Dedza ndi Ntcheu, zimadalira wodwala akafika ali kayakaya. Mabakiteriya ena amapanga timadzi totchedwa ESBL tophwanya jakisoniyu. Ku Blantyre, E. coli wa m'magazi wokhala ndi ESBL anachoka pa ochepera 1 pa 100 mu 2003 kufika pafupifupi 30 pa 100 mu 2016, ndipo Klebsiella, amene amavutitsa kwambiri m'mawodi a makanda, anafika pafupifupi 90 pa 100. Jakisoniyu akalephera, otsala ndi mankhwala odula amene sapezeka kawirikawiri pachipatala cha boma. Kafukufuku wa dziko lonse amene anatuluka mu 2022 anapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa mwachindunji chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo chigawo cha Africa kumwera kwa Sahara ndicho chinali ndi imfa zambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu.

Ena amadzitonthoza ndi nkhani ya kolorokwini. Malawi inasiya kolorokwini mu 1993 atasiya kugwira malungo, ndipo patapita zaka zoposa khumi kafukufuku anapeza kuti wayambanso kugwira. Zinachitikadi, koma si lamulo. Mabakiteriya ambiri amasunga pulasimidi yawo ngakhale mankhwala atasiyidwa, makamaka ngati mankhwala ena amene akumwedwabe akuthandiza pulasimidi yomweyo kupulumuka.

## Udindo woyang'anira maantibayotiki

Chimene akatswiri amaphunzitsa masiku ano n'chakuti aliyense wogwira maantibayotiki azidziona ngati mdindo, munthu wosungitsidwa chuma cha anthu onse. Mphamvu ya amokisilini ili ngati mjigo wa m'mudzi: aliyense ali ndi ufulu wotunga, koma ukathyoka onse amabwerera kudambo. Mdindo sauma manja. Mwana wachibayo akamanidwa amokisilini akhoza kufa m'masiku ochepa, ndipo kumidzi kwathu ana ambiri amafabe chifukwa chosafikira mankhwala. Ntchito yake ndi kupereka kwa woyenera, mankhwala oyenera, mlingo wokwanira, kwa masiku oyenera, n'kukana kwa wosayenera.

Bungwe la WHO mu 2017 linagawa maantibayotiki m'magulu atatu pa ndondomeko yotchedwa AWaRe. Gulu lobiriwira ndi la mankhwala oyambira, monga amokisilini, bakitirimu ndi dokisi. Gulu lachikasu ndi la ofunika kuwasamala kwambiri chifukwa amabala kusamva msanga, monga sipuro, azitromaisini ndi sefitiriyakisoni. Gulu lofiira ndi la osungira pamene zonse zalephera. Mlangizi wa zaumoyo pakiliniki ya m'mudzi amagwira lobiriwira lokha, koma mmene amaligwirira ndi zimene zimachititsa kuti odwala angati akankhidwire ku lachikasu.

## Ana awiri pa benchi

Tiyerekeze kuti pabwera ana awiri, onse akutsokomola masiku atatu. Woyamba ali ndi miyezi 8, wachiwiri miyezi 14.

Musanawerenge chilichonse, funsani ndi kuyang'ana zizindikiro zoopsa. Kodi mwana akulephera kuyamwa kapena kumwa? Akusanza chilichonse? Wakomokapo? Ali lefu, wovuta kudzutsa? Vulani malaya muone ngati m'munsi mwa chifuwa mukulowa mkati pamene akukoka mpweya. Chifuwa chatha masiku 14 kapena kupitirira? Chimodzi mwa izi chikapezeka, nkhani si ya kiliniki ya m'mudzi. Mwana amatumizidwa kuchipatala mwachangu, atalandira mlingo woyamba ngati ndondomeko yanu ikutero. Khanda losakwana miyezi iwiri likadwala limatumizidwanso, silichiritsidwira m'mudzi.

Ngati palibe choopsa, werengani mpweya. Apa ndi pamene zambiri zimasokonekera, choncho tifatsepo. Mwana akhale phee pamiyendo pa mayi ake, osalira, osayamwa. Mimba ndi chifuwa zionekere. Yambitsani kawotchi ndipo muwerenge kwa mphindi yathunthu, masekondi 60. Kuwerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi kumanamiza, chifukwa ana sapuma mofanana, amathamanga kenako n'kupumira, ndipo mukaphonya kawiri kokha mwaphonya kasanu ndi katatu. Kukoka ndi kutulutsa ndi mpweya umodzi, osati iwiri. Mwana akayamba kulira, imani, mudikire atonthole, muyambirenso. Nambala ikagwera pafupi ndi malire, bwerezani.

Malire ake ndi awa: mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akupuma mofulumira ngati wafika 50 kapena kupitirira pa mphindi, ndipo wa miyezi 12 mpaka zaka zosakwana 5 ngati wafika 40 kapena kupitirira.

Ana athu awiri onse mwawapeza 44. Wa miyezi 8 ali pansi pa 50, ndiye ali ndi chifuwa kapena chimfine chabe, safuna antibayotiki. Wa miyezi 14 wapitirira 40, ndiye timamutenga ngati wachibayo, alandire amokisilini. Nambala ndi imodzi, benchi ndi limodzi, koma wina atuluka ndi mapiritsi, wina ayi. N'chifukwa chake zaka za mwana muzione m'buku lake la kuchipatala, osangoyerekeza ndi maso. Ngati thupi latentha, pimaninso malungo, chifukwa malungo ndi kutentha thupi pazokha zimafulumizitsa kupuma.

Kwa wa miyezi 14, mapiritsi osungunuka a amokisilini a 250 mg amamwa awiri m'mawa, awiri madzulo, kwa masiku 5. Onse pamodzi ndi mapiritsi 20. Akanakhala wosakwana chaka akanamwa limodzi m'mawa, limodzi madzulo, onse 10. Piritsi limasungunulidwa m'madzi aukhondo pang'ono kapena mkaka wa m'mawere, pasupuni kapena m'kakapu, osati m'kapu yodzaza imene mwana saimaliza. Mlingo woyamba aperekere pomwepo mayi mwiniwake inu mukuona. Muwauze abwerenso pakatha masiku atatu, kapena nthawi yomweyo ngati mwana wasiya kuyamwa, akubanika kapena wafooka.

Njira yowerenga mpweyayi si yangwiro. Ana ena opuma mofulumira ali ndi vairasi ndipo akanachira okha. Koma kumudzi kulibe makina ojambulira chifuwa, ndipo kuphonya chibayo n'koopsa kwambiri, kotero malire anaikidwa mokomera chitetezo cha mwana. Ndiye kuti ndondomekoyo inapereka kale mpata wokwanira. Kuwonjezerapo "poopa mwina" sikuteteza mwana wina aliyense.

## Mayi wa mwana wa miyezi 8

Mbali yovuta si kuwerenga, koma kuyang'ana mayi amene wadzuka m'mamawa, wawoloka dambo, n'kumuuza kuti mwana wake salandira zimene mnzake walandira. Akangomva kuti "palibe mankhwala" amatuluka n'kukagula makapisozi anayi pagolosale kapena patsiku la msika ku Chimbiya kapena ku Lizulu, ndipo mwataya zonse ziwiri, chikhulupiriro chake ndi mankhwala omwe.

Chimene chimathandiza ndi kumuonetsa kuti mwana wapimidwa. "Mayi, ndawerenga kapumidwe ka mwanayu, ndapeza 44. Pa msinkhu wake chibayo chimayambira pa 50. M'mapapo muli bwino, ichi ndi chimfine. Chifuwachi chikhoza kutenga sabata kapena iwiri. Muziyamwitsa pafupipafupi, muzimupukuta m'mphuno asanayamwe, mumufunditse, ndipo asakhale mu utsi wa kukhitchini. Mukaona akupuma mothamanga, akukana bere kapena watentha kwambiri, mubwere tsiku lomwelo." Mayi wotere watuluka ndi dzina la matenda, nthawi yoyembekezera, chochita ndi khomo lotseguka. Ambiri amakhutira nazo kuposa mmene ophunzira amaganizira.

Nanga zingavute chiyani kungomupatsa? Kwa mwanayo, amokisilini akhoza kumutsegula m'mimba kapena kumutulutsa zidzolo popanda phindu lililonse. Kwa mudzi, tiwerengere limodzi mongoyerekeza. Tinene kuti kiliniki imaona ana khumi otsokomola pa sabata, ndipo awiri okha ndi amene akupuma mofulumira. Mlangizi wopatsa onse amawononga mankhwala a ana asanu ndi atatu sabata iliyonse, kutanthauza oposa 400 pachaka. Amenewo ndi matumbo 400 osesedwa, aliyense akubwerera kunyumba ya anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi ogwiritsa chimbudzi chimodzi. Chulukitsani ndi makiliniki onse a m'boma. Komanso bokosi la mankhwala limatha pakati pa mwezi, ndipo mwana wachibayo chenicheni wobwera pa 25 amapeza mulibe kanthu.

## Mapiritsi akafika kunyumba

Tibwerere kwa wa miyezi 14. Tsiku lachiwiri thupi lazizira, wayamba kusewera. Mayi aona mapiritsi 12 atsala, ndipo mkulu wake wa mwanayo nayenso wayamba kutsokomola. Amagawa. Kapena amasunga m'kathumba pamwamba pa kabati kudikira tsiku lina, poti chipatala chili kutali ndipo mankhwala sapezeka nthawi zonse. Si umbuli, ndi kuwerengera kwa munthu wosauka, ndipo mukamunyoza sadzakuuzaninso zoona.

Koma zotsatira zake ndi ziwiri. Wodwalayo walandira zosakwanira, chibayo chikhoza kubwerera. Mkulu wakeyo wamwa mankhwala osapimidwa, pa mlingo wosagwirizana ndi msinkhu wake. Mlingo wochepa ndi woipa mwapadera, chifukwa mankhwala amakhala m'thupi okwanira kupha mabakiteriya ofooka koma osakwanira kupha olimbirapo, ndiye mwasankha ndi manja anu amene atsale. Kudumphitsa nthawi kumachitanso chimodzimodzi: amokisilini amachoka m'magazi msanga kudzera mu mkodzo, kotero kumwa onse anayi m'mawa sikufanana ndi awiri m'mawa, awiri madzulo.

Pa mawu akuti "malizani mankhwala" pafunika kusamala. Tanthauzo lake ndi kumwa masiku amene ndondomeko yanena, osachepetsa, komanso osawonjezera. Masiku 10 saposa masiku 5 pa ubwino. Tsiku lililonse lowonjezera ndi tsiku linanso losesa m'matumbo.

Mwana akabwera tsiku lachitatu asanasinthe, musathamangire kunena kuti mankhwala sakumva. Funsani kuti atsala mapiritsi angati, muwaone ndi maso. Pakatha masiku atatu athunthu payenera kutsala 8. Akatsala 14, vuto ndi kamwedwe. Akatsala 8 koma mwana akupumabe mofulumira, mwina ndi TB, mphumu, malungo, HIV, mafinya m'chifuwa, kapenadi bakiteriya wosamva. Palibe mwa izi chimene mungachisiyanitse pakhonde la kiliniki, ndipo kusintha mankhwala mwa inu nokha kumangochedwetsa. Mutumizeni.

## Malo ena amene mapiritsi amatayikira

Kutsegula m'mimba ndi kwachiwiri pa chifuwa. Mwana wotsegula madzi okhaokha amafuna Thanzi ORS ndi zinki, 20 mg patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, kapena theka lake ngati sanakwane miyezi 6. Fulajilu ndi bakitirimu amene anthu amathamangira sachepetsa kutsegulako. M'chimbudzi mukaoneka magazi, imeneyo ndi nkhani ina, mwanayo apite kuchipatala. Pachitatu pali kutentha thupi pamene chopimira malungo chaonetsa kuti mulibe. Chiyeso chimakhala chakuti "ndiye tingopereka antibayotiki", chonsecho kusapezeka kwa malungo si umboni wa bakiteriya.

Bakitirimu ali ndi nkhani yakeyake. Anthu amene ali ndi HIV amamwa tsiku ndi tsiku kuti apewe matenda ena, ndipo kumeneko ndi kugwiritsa ntchito koyenera, kopulumutsa moyo, musawauze kuti asiye. Vuto ndi pamene botolo lomwelo lasanduka la banja lonse, aliyense womva mutu kapena m'mimba n'kumatapamo awiri. Mukamayendera makomo mudzapezanso makapisozi a anthu akutsegulidwa n'kuthiridwa m'madzi a nkhuku za chitopa, chomwe ndi vairasi ndipo chimapewedwa ndi katemera, kapena ufa wake ukuwazidwa pabala. Zitosi za nkhukuzo zimathera pabwalo pamene mwana akukwawa.

Maantibayotiki mwalamulo amayenera kugulitsidwa ndi chikalata cha dokotala, m'malo ovomerezedwa ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA. Ogulitsidwa pamphasa padzuwa, osadziwika kumene achokera ndi tsiku lothera mphamvu, akhoza kukhala ndi mankhwala ochepa kuposa olembedwa, ndipo zikatero ngakhale womwa mokhulupirika amakhala akumwa mlingo wosakwanira.

Mbali ina ya udindowu ilibe piritsi n'komwe. Malawi inayamba katemera wa chibayo wa PCV13 mu 2011, wa rota woteteza ku kutsegula m'mimba mu 2012 ndi wa taifodi mu 2023. Mwana wobayidwa amene sanadwale chibayo ndi mapiritsi 20 amene sanamwedwe. Chimbudzi chokhala ndi chivundikiro, mpondagiya wokhala ndi sopo, kolorini m'ndowa ya madzi akumwa, zonsezi zimadula njira imene bakiteriya wosamva amadutsa kuchoka m'matumbo a munthu mmodzi kupita kwa wina. Kaundula wanu nayenso ndi chida. Kumapeto kwa mwezi werengani ana amene munalemba kuti akupuma mofulumira, muwerengenso ana amene analandira amokisilini, kuphatikizapo amene munawapatsa mlingo woyamba powatumiza. Manambala awiriwo akasiyana kwambiri, bwererani m'masamba muone kuti anali masiku ati, ndipo pamzere wa mpweya munalembapo nambala kapena munasiya popanda kanthu.